Mbiri ya moyo wanga, gawo 19: Chaka chimene miyendo inandikana

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi n'kubwerera kumudzi kwathu ku Dedza kukalima kachewere. Zaka ziwiri zoyambirira zinayenda bwino. Chachitatu, ndili ndi zaka 63, miyendo inayamba kundikana.

Tsiku limene ndinavomereza kuti pali vuto linali la maliro a malume anga. Kuchokera pasiwa kukafika kumanda ndi kamtunda koti mwana wasukulu amathamanga osapumira. Tinanyamuka bwinobwino, ine pambuyo penipeni pa bokosi monga mphwawo wamkulu. Tisanafike n'komwe pa mjigo, m'matako munayamba kutentha, kenako kuseri kwa ntchafu zonse ziwiri, kenako akatumba. Sunali ululu wobaya ngati wa minga ayi. Kunali kulemera, ngati wina wandimangirira matumba a mchenga wonyowa, ndipo mapazi anachita dzanzi moti nthaka ndinkaimva ngati ndaponda pa thonje. Ndinapatuka n'kukhala pa chulu, anthu akundidutsa ndi nyimbo. Patangotha mphindi zitatu kapena zinayi, miyendo inabwerera mwakale ngati sipanachitike kanthu. Ndinadzuka, ndinayenda, ndinakhalanso pa chitsa. Kumanda ndinafika adzukulu atayamba kale kukwirira.

Mmawa mwake ndinakwera njinga n'kupalasa makilomita 12 kupita kumsika, n'kubwerako popanda vuto. Anthu anandiona. Sabata yomweyo anandionanso ndikupalira m'munda kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litafika pamutu. Ndiye mukuganiza kuti anati chiyani? Munthu wolima tsiku lonse, wopalasa njinga ngati mnyamata, walephera kuperekeza malume ake kumanda. Ena anati ndinali ndi chifukwa ndi malemuwo. Ngakhale mayi a kunyumba anandifunsa usiku wina, mawu ali pansipansi: "Abambo, kodi miyendo yanuyi imasankha ulendo?" Sindinawayankhe, chifukwa nanenso funso lomwelo linkandidya.

Ndinayamba kuiwerengera miyendoyo ngati ana a m'kalasi. Kuyenda chowongoka, mapazi pafupifupi 300, basi yalemera. Kuimirira kutchalitchi nyimbo ziwiri zotsatizana, chimodzimodzi. Kungoima njii pamsewu sikunkathandiza. Ndinkayenera kukhala pansi, kunjuta, kapena kuwerama n'kugwira m'mawondo. Chodabwitsa china, kuno kwathu n'kwa mapiri, ndipo kukwera chitunda kunali kwapafupi kuposa kutsika. Ndikamakankha njinga yonyamula matumba a kachewere, nditayedzamira pa mahandulo, ndinkayenda kilomita yathunthu osadziwa.

Achemwali anga anagamula kuti ndinaponda mankhwala pamalire a munda, ndipo sanandipatse mtendere mpaka ndinalola kutemedwa mphini m'mawondo ndi m'akakolo. Zipserazo ndili nazo mpaka lero. Kuchipatala chaching'ono anati ndi nyamakazi ya ukalamba n'kundipatsa bulufeni. Atatha ndinayamba kugula indosidi pa golosale, kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Miyendo sinasinthe. Chimene chinasintha ndi m'mimba, momwe munayamba kuwotcha ngati ndameza khala.

M'mimbamo ndi momwe munandifikitsa kuchipatala cha paboma, ndipo za miyendo ndinangozitchula potsanzikana. Dokotalayo, mnyamata wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, anaika cholembera pansi.

"Bambo, ikalemera mumatani kuti ipepuke?"

"Ndimakhala pansi."

"Mukangoima osakhala?"

"Siisintha."

"Nanga njinga mumakwera?"

Apa ndinachita manyazi, poganiza kuti nayenso andiyesa wabodza. Ndinavomera monyinyirika. Iye anamwetulira n'kunena kuti njingayo ndiyo yamuuza zambiri kuposa china chilichonse.

Anandivulitsa nsapato n'kuika zala pamwamba pa phazi ndiponso kuseri kwa kakolo wa m'kati, kumvetsera kugunda kwa magazi. Kunali kugunda bwino, mapazi ali ofunda. Anandifunsa za fodya ndi za shuga. Kenako anafotokoza kuti pali matenda awiri amene amafanana ngati mapasa: onse amapweteketsa miyendo poyenda, onse amaleka munthu akapuma. Oyamba ndi a mitsempha ya magazi ya m'miyendo ikaphimbika, kawirikawiri mwa osuta fodya ndi odwala shuga. Kwa amenewo minofu ikagwira ntchito ina iliyonse imasowa magazi, ndiye njinga imawapweteka, chitunda chimawapweteka kwambiri, koma akangoima, ngakhale chilili, ululu umatha. Anga sanali amenewo. Anga sankayendera kuchuluka kwa ntchito ya miyendo koma mmene msana wakhalira. Kupalasa njinga, kulima ndi khasu, kukwera phiri, kukankha katundu, kukhala pa chulu: monsemo munthu amakhala atawerama.

Anandiimiritsa n'kundiuza kuti ndipindikire chagada, manja m'chiuno. Mphindi imodzi isanathe dzanzi linatsika m'ntchafu. Anati ndiwerame. Linachoka. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, chifukwa kwa chaka chathunthu ndinkathira mankhwala pa miyendo pamene vuto linali m'chiuno.

Asananditulutse anandifunsanso ngati ndikuonda, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kapena ngati msana umandidzutsa ndi ululu ndili chigonere. Anati kuno kwathu chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana, ndipo khansa nayo imatha kufika kumeneko, choncho sangangothamangira kunena za ukalamba. Zonsezo ndinalibe. Ekisireyi inaonetsa mafupa otha ndi ukalamba, koma iye anati imaona mafupa okha, siiona mitsempha. Pankafunika makina a MRI, amene amajambula ndi mitsempha yomwe.

Mwana wanga wamkazi wa ku Blantyre ndiye anayendetsa zimenezo, ndipo zinatenga miyezi. Za phokoso la makinawo sindinena zambiri; tangoganizani kugona m'mgolo anyamata akuukhoma ndi nyundo kwa theka la ola. Dokotala wa mafupa anatembenuzira kompyuta kwa ine. Pansi pa chithunzi panalembedwa kuti lumbar spinal stenosis, ndiponso L4/L5. M'Chichewa chathu tingati kuchepa kwa ngalande ya msana m'chiuno.

Mmene anandifotokozera ndi umu. M'chiuno muli mafupa asanu osanjikizana, ndipo kuseri kwake kuli ngalande yotsika kuchokera kumutu. Chingwe chachikulu cha msana chimathera cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la asanuwo. Kutsika pamenepo mumangodutsa mitsempha yonyamula mauthenga a ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi kumatumbo, italendewera ngati ubweya wa litchowa. Munthu akamakula, timitsamiro ta pakati pa mafupa timaphwa n'kutundumukira m'ngalandemo, timfundo ta kumbuyo timakula, ndipo kamnofu kolimba kamene kamayala khoma la kumbuyo kwa ngalandeyo kamanenepa. Njira imachepa kuchokera mbali zonse. Pa chithunzi changa, m'mwamba ngalande inkaoneka yoyera ndi yotakasuka, koma pakati pa fupa lachinayi ndi lachisanu inafinyika ngati thumba lomangidwa pakati. Anati pamenepo ndi pomwe vutoli limakonda kugwira anthu ambiri, makamaka opitirira zaka 50.

Nanga kuwerama kukubwera bwanji? Anatenga mpango wake n'kuugwira nsonga ziwiri. Atayandikizitsa manja, mpango unachita makwinya. Anati ukaima chowongoka kapena kupindikira kumbuyo, kamnofu kaja kamakwinyika chotere n'kulowa m'ngalande, mitsempha n'kupanikizika pamodzi ndi timitsempha ta magazi toidyetsa, ndipo ukamayenda m'pamene imafuna magazi ambiri. Atatambasula manja, mpango unawongoka. Ukawerama, ngalande imatseguka pang'ono, ndipo pang'onopo n'pokwanira. Potsika phiri munthu amakankhira thupi kumbuyo, n'chifukwa chake matsitso ankandizunza.

Mayi a kunyumba anali pomwepo, chikwama pamiyendo. Sananene kanthu, koma titatuluka anandilanda jekete n'kundinyamulira.

Ndinafunsa funso limene linkandisowetsa tulo, lakuti kodi ndidzafa ziwalo. Anati sizichitikachitika. Ambiri amakhala momwemo zaka zambiri, ena amapezako bwino, ena zimakulirakulira pang'onopang'ono. Koma anandilembera m'kabuku ka kuchipatala zinthu zoti ndikaziona ndisadikire kuti kuche: mkodzo ukakana kutuluka kapena ukamatuluka osaumva, chimbudzi chikamandipulumuka, dzanzi likagwira m'mphechepeche ndi pokhalira, kapena phazi likayamba kukwakwaza pansi n'kumakana kudzuka. Zimenezo zimasonyeza kuti mitsempha yafinyika koopsa, ndipo opaleshoni yake ndi yamsangamsanga, chifukwa kuchedwa kumasiya chilema chosabwerera.

Opaleshoni wamba iliponso, yochotsa kachigawo ka fupa ka kumbuyo ndi kamnofu konenepa kaja kuti njira itakasuke. Ananena mosabisa kuti imathandiza miyendo kuposa kupweteka kwa msana weniweniwo, kuti ili ndi zoopsa zake, ndipo kuti amaiganizira munthu akayesa njira zina kwa miyezi koma moyo n'kumangopanikizikabe. Chithunzi chokha sichigamula, chifukwa alipo okalamba amene ngalande yawo ndi yochepa koma sadandaula kanthu. Ine ndinasankha kudikira. Indosidi anandiletseratu chifukwa cha m'mimba, impso ndi kuthamanga kwa magazi, n'kundisiya ndi panado wa masiku ovuta.

A fiziyo, akatswiri a zolimbitsa thupi a kuchipatala, anandiphunzitsa zochepa, ndipo ndimazichita pamphasa mmawa ndi madzulo. Ndimagona chagada, n'kukokera mawondo onse awiri pachifuwa, kuwerenga mpaka 20, kumasula, kasanu. Kenako mawondo ali opinda, ndimakanikiza chiuno pamphasa polimbitsa mimba. Zidzukulu zimaseka, zimati agogo asanduka kamba wogadabuzika. Kugona chafufumimba ndinasiya. Ndimagonera m'mbali, mawondo opinda. Njinga anati ndisaisiye, ndiyo ikusunga mphamvu za miyendo. Kuyenda anati ndisaleke, koma ndizikhala pansi dzanzi lisanafike, osati litafika kale.

Sindinachire, ndisakunamizeni. Ngalande sinakule. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ndimadziwa pokhala ponse pa njira ya kutchalitchi: mwala wa pa mjigo, muzu wa mkuyu, khonde la chigayo. Masiku abwino ndimafika mapazi 500. Kumaliro ndimapita ndikukankha njinga yopanda katundu, ndipo anthu anazolowera. Achemwali anga okha ndiwo amanenabe kuti mphini zija n'zimene zinandithandiza, zinangochedwa kugwira.

M'gawo lotsatira ndidzakusimbirani za mlandu wa malire a munda uja, umene unatifikitsa kwa a gulupu chaka chomwecho.