Mtsutso wa makuponi mu Fomu 3

Lolemba ndinalemba mutu pa bolodi: "Makuponi a feteleza ndiwo anachulukitsa chimanga m'Malawi kuyambira 2006." Ana anaombera m'manja, chifukwa kwa iwo mtsutso ndi mpikisano wa pakamwa. Ndinawauza kuti ulendo uno malikisi sapita kwa wolankhula mokometsera. Gulu lililonse lilembe maumboni atatu papepala, Lachitatu asinthane mapepalawo, kenako akonze mafunso atatu pa umboni uliwonse wa anzawo.

Ovomereza anabwera ndi manambala. Mu 2005 dziko linakolola chimanga pafupifupi matani 1.2 miliyoni. Boma la Bingu wa Mutharika litayamba kugawa makuponi, mu 2006 zokolola zinafika pa 2.6 miliyoni, mu 2007 zinadutsa 3 miliyoni. Otsutsa anadalira mfundo yoti inali mvula chabe, kuphatikizapo nkhani ya agogo a mnyamata wina, amene analandira kuponi koma pofika Januwale nkhokwe ili mbee.

Lachitatu ndilo linandithera mphamvu. Mafunso oyamba amene anandibweretsera sanali mafunso. Lina linati, "Kodi simukuona kuti makuponi amangolemeretsa mavenda pamene alimi akuvutika?" Ndinamufunsa wolembayo kuti funsoli likukhudza nambala iti papepala la anzake. Anangokanda m'mutu. Funso lotere mnzako amangoti "sitikuona", n'kuyamba ulaliki wake, manambala aja ali chikhalire osagwedezeka. Tinagwirizana malamulo awiri: funso litchule umboni umene likuyesa, ndipo likhale loyankhika ndi chiganizo chimodzi. Pa mafunso atatu aja, loyamba lifunse kumene umboniwo wachokera, lachiwiri lifunse kuti akuyerekeza ndi chiyani, lachitatu lifunse ngati palibe china chimene chikanabweretsa zotsatira zomwezo.

Otsutsa atabwerera kukalembanso, anatulutsa zolasa. Matani 2.6 miliyoniwo anawerenga ndani, ndipo anayeza thumba lililonse kapena ndi chiyerekezo? Mvula inagwa bwanji m'nyengo ya 2004 mpaka 2005 imene mwayambira kuwerenga? Nanga mu 2006 ndi 2007? Funso lachiwiri ndilo linandisangalatsa, pakuti nyengo imeneyo kunali ng'amba, mvula inadula chimanga chikumasula. Ukayambira kuwerenga pa chaka cha njala, chaka chilichonse chotsatira chimaoneka ngati chozizwitsa.

Ovomereza anavutika ndi agogo aja. Ankaopa kuti kufunsa kukhala ngati kunyoza munthu wamkulu. Mtsikana wina anati, "Madamu, tingawatsutse bwanji agogo a mnzathu?" Ndinati asawatsutse, nkhaniyo ndi yoona, afunse kuti ikutiuza za mabanja angati. Analemba: ndi khomo limodzi kapena mudzi wonse? Thumba la makilogalamu 50 linathiridwa m'munda mwawo lonse, kapena anagawana ndi ena monga zinkachitikira m'midzi yambiri? Linafika chimanga chili msinkhu wanji?

Lachisanu tinali ndi mapiriyodi awiri ophatikiza, mphindi 80. Wofunsa anapatsidwa mphindi zitatu, ndipo wosunga nthawi anali ndi mphamvu yodula aliyense woyamba kukamba nkhani m'malo mofunsa. Anadula anayi.

Pa funso la chiyerekezo ovomereza anavomera msanga kuti manambalawo ndi a Unduna wa Zamalimidwe, ochokera ku minda yosankhidwa, osati ku sikelo ya m'nkhokwe iliyonse. Ndinawapatsa malikisi chifukwa chovomera, zimene zinadabwitsa kalasi. Kenako otsutsa anaponya chimene anabisa: mu 2000 dziko linakolola pafupifupi matani 2.5 miliyoni, makuponi kulibe, ndiye 2.6 miliyoni ya 2006 n'chiyani? Kalasi inaphulika, madesiki kumenyedwa.

Mtsikana uja anaima osathamanga. "Mu 2000 alimi ankalandira chiyani kuchokera kuboma?" Otsutsa anayang'anana. Zinali zaka za sitatapaki, pamene boma la Bakili Muluzi linkagawa timapaketi ta mbewu ndi feteleza kwaulere. Umboni umene anaubweretsa kuti ugwetse feteleza unali ndi feteleza m'kati mwake. Funso limeneli silinali papepala. Analipeza chifukwa choti funso lachitatu linali litamulowa m'mutu.

Cholakwa changa chinali pa pepala lolembera malikisi. Ndinaika malo a funso ndi malo a yankho, koma ndinaiwala malo a funso lotsatira, lobadwa pomwepo munthu atamva yankho. Malikisi a mtsikanayo ndinachita kuwalemba m'mbali ndi cholembera chofiira. Ana atatuluka ndinajambulanso pepalalo, chifukwa Fomu 4 ili ndi mtsutso wake Lachiwiri.