Zaka zisanu za sitolo yathu ya nsapato, ndi masamu amene anatsala pang'ono kutitsekera chitseko

Mwezi uno sitolo yathu yakwanitsa zaka zisanu, ndipo ndikulemba izi mtima uli myaa. Tinayamba ndi mashelefu awiri ndi mpando umodzi woyesera nsapato. Lero tili ndi antchito atatu, ndipo ana amene tinawayesa nsapato zoyambira sukulu akubwera okha kudzasankha zawo. Koma sindingakondwerere zaka zisanuzi osakuuzani za sabata imodzi ya m'chaka chathu chachiwiri, pamene sitolo inadzaza anthu kuposa kale lonse, ife n'kumaluza ndalama pa peya iliyonse imene inatuluka pakhomo.

Chaka chimenecho ndinatenga ngongole n'kupikula mapeya 120 a nsapato zachikopa zachibambo, peya iliyonse pa mtengo wa 10,000. Ndinaikapo phindu la 40 peresenti. Teni peresenti ya 10,000 ndi 1,000, ndiye 40 peresenti ndi 4,000, ndipo pa kapepala ka mtengo ndinalemba 14,000. Mapeya 50 anayenda bwino. Kenako malonda anaima. Mapeya 70 anakhala pa shelefu miyezi itatu, ine m'mawa uliwonse n'kumawapukuta fumbi, tsiku lobweza ngongole likuyandikira.

Ndiye ndinaganiza zotsitsa mtengo. Maganizo anga anali osavuta: ndinaikapo 40 peresenti, ndikachotsa 40 peresenti ndibwerera pa mtengo wopikulira, sindipindula koma sindiluzanso, ndipo mpamba wanga ubwerera. Ndinalemba chikwangwani ndi inki yofiira, "Tatsitsa ndi 40%", n'kuchimata pagalasi. M'masiku anayi okha mapeya 70 onse anatha. Ndinali kuyenda mosangalala pakati pa makatoni opanda kanthu.

Mlongo wanga, amene amasunga mabuku a ndalama a sitoloyi, ndiye anandikhazika pansi madzulo a tsiku lachinayi. Anali atawerenga ndalama kawiri. Anati, "Achimwene, mapeya 70 munawagula 700,000. M'kabatimu muli 588,000. Ina ili kuti?" Ndinayamba kukayikira mnyamata amene ankatithandiza pakauntala, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira zimenezo, chifukwa iye sanatenge kalikonse. Mlongo wanga anangotenga lisiti limodzi n'kulitembenuza, n'kulemba kumbuyo kwake. Teni peresenti ya 14,000 ndi 1,400. Kuchulukitsa kanayi ndi 5,600. Kuchotsa 5,600 pa 14,000 kwatsala 8,400. Peya imene ndinaigula 10,000 ndinkaigulitsa 8,400, kutaya 1,600 nthawi iliyonse imene kasitomala ankandithokoza. Pa mapeya 70 ndinataya 112,000.

Cholakwa changa chinali chakuti ndinkaona 40 ndi 40 ngati mapasa. Koma peresenti siima payokha, nthawi zonse imakhala ya chinachake. Yoyamba ija inali 40 peresenti ya mtengo wopikulira, 10,000. Yachiwiri inali 40 peresenti ya mtengo wogulitsira, 14,000, umene ndi waukulu, choncho chimene chinachotsedwa chinaposa chimene ndinaikapo. Kuti ndibwerere ndendende pa 10,000 ndinkayenera kuchotsa 4,000 basi, ndipo 4,000 pa 14,000 ndi pafupifupi 28.6 peresenti. Malire anga anali amenewo, ndipo ndinawadumpha ndi mtunda wautali ndisakudziwa.

Phindu la mapeya 50 oyamba aja linali 200,000. Zitachoka 112,000 panatsala 88,000, ndipo lendi ndi chiwongoladzanja zinameza zonsezo n'kufunanso zina. Amene anatibwereka ndalama, amene tsiku losaina anatitchula kuti abale ake, sanatipatse ngakhale sabata imodzi yoti tipume. Tinawabweza zonse, koma kwa miyezi iwiri theka la mashelefu athu linali lopanda kanthu, ndipo ndinkaika makatoni opanda nsapato kuti sitolo isaoneke ngati ikutsekedwa.

Kuchokera nthawi imeneyo, palibe chikwangwani chotsitsa mtengo chimene chimamatidwa pagalasi lathu tisanawerengetsere papepala, ndipo aliyense wogwira ntchito pakauntala amaphunzira njira yake tsiku loyamba. Ndikuuzani njirayo chifukwa ndi yanu inunso ogula. Yambani ndi teni peresenti, chifukwa ndi yosavuta: gawani mtengo ndi 10, kapena ngati mtengo ukuthera ndi ziro, ingochotsani ziro mmodzi. Pa 14,000 mupeza 1,400. Mukakhala nayo imeneyo, zina zonse zimamangidwa pamwamba pake. Ngati atsitsa ndi 20 peresenti, ndi 1,400 kawiri, 2,800. Ngati ndi 5 peresenti, ndi theka la 1,400, ndiye 700. Ngati ndi 25 peresenti, phatikizani 2,800 ndi 700, mupeza 3,500. Chomaliza, chimene anthu amaiwala ali pachangu, ndi kuchotsa: 3,500 si mtengo wolipira ayi, ndi ndalama imene yakhululukidwa. Cholipira ndi 14,000 kuchotsa 3,500, kutsala 10,500.

Ine ndimakonda njira yachidule kuposa pamenepo. M'malo mofunsa kuti achotsa zingati, ndimafunsa kuti kwatsala zingati. Akatsitsa ndi 25 peresenti, ndiye kuti mulipira 75 peresenti ya mtengo wakale. Pa kakyuleta ya pafoni mumangolemba 14000 × 0.75 ndipo 10,500 imatuluka nthawi yomweyo. Njira imeneyi ndi imene ikanandipulumutsa chaka chija. Ndikanangolemba 14000 × 0.6, ndikanaona 8,400 ndi maso anga, n'kuiyerekeza ndi 10,000, inki yofiira ija isanatsegulidwe n'komwe.

Pali chinanso chimene chimayambitsa mikangano pakauntala, ndipo chinatichitikira chaka chatha. Tinatsitsa nsapato zomwezo za 14,000 ndi 20 peresenti, n'kuwonjezera kuti wogula mapeya awiri timuchotseranso 10 peresenti pa mtengo wotsitsidwawo. Mayi wina, kasitomala wathu wakalekale, anabwera atawerengetsa kale kunyumba. Anati, "Bambo, 20 ndi 10 ndi 30. Peya iliyonse ikhale 9,800. Nanga bwanji mwanayu akuti 10,080?" Sanali kufuna kutibera, anaphatikiza monga mmene aliyense angachitire. Ndinawapatsa mpando n'kuwerengetsa nawo limodzi. Poyamba 20 peresenti ya 14,000 ndi 2,800, kutsala 11,200. Teni peresenti yachiwiri ija imachoka pa 11,200, osati pa 14,000, ndiye ndi 1,120. Kuchotsa 1,120 pa 11,200 kwatsala 10,080. Zonse pamodzi mwachotseredwa 3,920, imene ndi 28 peresenti ya mtengo woyamba, osati 30. Kusiyana kwake kunali 280 pa peya, koma kwa ife 280 imeneyo ndi imene inalekanitsa kugulitsa pamwamba pa mtengo wopikulira ndi kugulitsa pansi pake. Mayi aja anamvetsa, komabe anandiuza mawu oona: chikwangwani chimene chimafuna mpando ndi cholembera kuti munthu achimve sichinalembedwe bwino. Tsiku lomwelo tinasiya kusanjikiza maperesenti. Tsopano kapepala kalikonse m'sitolo mwathu kamakhala ndi manambala atatu, mtengo wakale, peresenti imene tachotsa, ndi mtengo wolipira.

Manambala atatuwo amakupatsani mwayi wotiyesa ifeyo. Tengani mtengo wakale muchotse watsopano, zotsalazo muzigawe ndi mtengo wakale, kenako muchulukitse ndi 100. Kuchoka pa 14,000 kufika pa 10,500 pasiyana 3,500, kugawa ndi 14,000 ndi 0.25, ndiye 25 peresenti. Mukagawa ndi mtengo watsopano mupeza 33 peresenti, nambala yokongola pachikwangwani koma yabodza, ndipo ndaonapo ogulitsa akuilemba. Muyang'anenso ngati mtengo wakalewo ndi weniweni. Mmodzi mwa amene tinkapikulako anatitumizira uthenga wakuti watitsitsira ndi 15 peresenti chifukwa ndife makasitomala okhulupirika. Mlongo wanga atatsegula buku anapeza kuti peya ya 10,000 anali atayamba waikweza kufika 12,000. Kuchotsa 15 peresenti, imene ndi 1,800, kwatsala 10,200. Mphatso yakeyo inali yotilipiritsa 200 yowonjezera pa peya iliyonse. Sitinakangane naye, tinangosiya kuoda kwa iye, ndipo ngati akuwerenga izi akudziwa chifukwa chake tinasiya kumuimbira foni.

Ndili ndi anthu ambiri oti ndiwathokoze. Choyamba mlongo wanga, amene anandionetsa cholakwa changa kumbuyo kwa lisiti popanda kundinyoza, n'kugwira ntchito miyezi iwiri osalandira malipiro. Lisiti limenelo ndinalisunga, lili m'buku lathu la ndalama. Ndithokoze mnyamata uja amene ndinamukayikira popanda chifukwa. Ndinamupepesa, anandikhululukira, ndipo lero ndiye amayang'anira kauntala ndi kuphunzitsa anzake kuwerengetsa mitengo. Ndithokoze akazi anga, amene anapirira nyumba ikuyenda mwa apo ndi apo osandiuza ngakhale kamodzi kuti ndisiye bizinesi. Eni nyumba imene tikuchitamo lendi anatidikira mwezi wathunthu pa nthawi yovuta ija, ndipo sitidzaiwala. Amene timapikulako tsopano amatiuza mtengo umodzi woona ndipo amausunga, zikomo kwambiri. Mayi aja amene anatikonzera zikwangwani ndi mawu awo olunjika, zikomo amayi. Ndipo inu nonse makasitomala athu, amene munkalowa m'sitolo ya mashelefu opanda kanthu n'kugula chimene chinalipo, amene mumabwera ndi anansi anu, amene mumabweza chenji tikakupatsani yopitirira, sitoloyi mwaimanga ndi inu.

Pokondwerera zaka zisanuzi tatsitsa mitengo kwa sabata ziwiri, ndipo ulendo uno tawerengetsa bwino. Nsapato zachikopa zachibambo za 14,000 tachotsa 25 peresenti, mulipira 10,500. Zachimayi zopanda chidendene chachitali za 9,000 tachotsa 20 peresenti, imene ndi 1,800, mulipira 7,200. Za ana zapasukulu za 6,000 tachotsa 15 peresenti, imene ndi 900, mulipira 5,100, ndipo masaizi apakati ndi amene amatha msanga, choncho makolo musachedwe. Mitengo yakale imene yalembedwa pa timapepala ndi yomweyo imene munkaiona mwezi watha, sitinakweze kalikonse. Bwerani ndi ana adzayese okha, bwerani ndi foni yanu muwerengetse pamaso pathu, ndipo mukapeza kapepala kamene masamu ake sakugwirizana, tiuzeni pakauntala tikakonze nthawi yomweyo.