Za mutu wa chambo uja, mumve kwa mwini wake

Poti nkhani yafika kale mpaka kwa alonda a pageti, omwe dzulo andilonjera kuti "mwadzuka bwanji a Chambo", bola ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga zina. Inde, uthenga wa imelo wodziyankha wokha uja, umene unkayankha anthu ine ndili patchuthi, ndinalemba ndine. Koma zoti ndinali nditaledzera ndi bodza. Linali Lachisanu, 4 koloko itadutsa, ndipo chomwe chinali m'mutu mwanga ndi minibasi ya ku Area 25 basi.

Amene mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya maimelo ya Outlook mukudziwa kuti ukapita pa File, kenako Automatic Replies, pamabwera timabokosi tiwiri tolembamo. Kena ndi Inside My Organization, ka anzako a muofesi. Kenako ndi Outside My Organization, ka anthu akunja: makasitomala, a ku banki, ndi aja amatipatsa ndalama zoyendetsera ntchito. Timabokosi timeneti n'tofanana ngati mapasa, ndipo ukatsegula kena, kanzake kamabisala kumbuyo. Amene anakonza zimenezi sanathamangirepo minibasi.

Ndinakonza mauthenga awiri. Woyamba unali wa Chingerezi chovala tayi, wonena kuti ndili patchuthi, ndibwera tsiku lakuti, za changu funsani uje. Wachiwiri unali wa anzanga, omwe tsiku lililonse timadyera limodzi tchipisi cha pachiwaya kuseri kwa ofesi ku City Centre. Unali wotere:

"Ndapita ku Senga Bay. Pamene mukuwerenga izi ndikupsopsona mutu wa chambo. Musandiimbire pokhapokha ofesi ikapsa, ndipo ikapsa yambani mwaimbira ozimitsa moto. A ngongole dikirani malipiro."

Zotsalazo mwazidziwa kale. Wa tayi uja ndinaumata ku Inside, wa chambo ku Outside. Pansi pake pali malo osankha, My Contacts only kapena Anyone outside my organization. Ine, poti ndine munthu wosakondera, ndinasiya pa Anyone.

Kwa sabata yathunthu anzanga a muofesi ankalandira Chingerezi chaulemu n'kumadabwa kuti ndayamba liti kudzimva. Akunja onse ankalandira chambo. Ine ndili phee pamchenga, deta nditazimitsa, osadziwa kuti ku Lilongwe kompyuta ikundigulitsa kwa aliyense wogogoda. Vuto la uthenga wodziyankha wokha ndi lomwelo: mwini wakewe sukuona ukamapita, sulira, sukufunsa kuti "mwatsimikiza?" Ndinaphunzira mochedwa kuti njira yake n'kudzilembera wekha kuchokera ku imelo yako ina, ngati ya Gmail, n'kuona chomwe chabwera. Mphindi ziwiri zokha. Ine mphindi ziwirizo ndinazipereka kwa kondakitala.

Tsopano tsiku lobwerera. Ndalowa mu ofesi khungu likusupuka ndi dzuwa, ndanyamula kathumba ka usipa kogawira anzanga. Mayi a pa risepushoni sanandiyankhe moni, anangogwira pakamwa mapewa akugwedezeka. Kenako uthenga: abwana akukufunani.

Pa tebulo pawo panali pepala losindikiza. Losindikiza, abale! Mu ofesi momwe timakanizidwa pepala ngakhale la fomu ya tchuthi. Anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza ndi mawu aja amawerengera bajeti. "Ndikupsopsona." Anaima. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mutu." Anaimanso. Fani ya kudenga inazungulira kanayi, ndinawerenga. "Wa chambo." Kenako anabwereza chiganizo chonse kuyambira poyamba, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi wa Sitandade 2 woyembekeza kuti ana atsatire. Ine nditaima, kathumba ka usipa kali m'manja chifukwa ndinasowa pokaika, fungo lake likudzaza chipinda ngati mboni ya boma.

"Achimwene," anatero, ndipo abwana akakutchula achimwene dziwa kuti zavuta, "mutuwo unali wokoma?"

Ndinati, "Bwana, unali wokoma ndithu." Sindikudziwa chifukwa chake ndinayankha. Linali funso losafuna yankho.

Zinapezeka kuti mayi wina wachizungu wa ku bungwe lotithandiza analemba kufunsa lipoti, n'kulandira Chichewa changa. Poganiza kuti ndi nkhani yofunika, mwina ya maliro, anapita nacho kwa dalaivala wawo kuti amumasulire. Dalaivalayo, Mulungu amuone, anamasulira mokhulupirika liwu ndi liwu, mpaka za ozimitsa moto. Akuti pa "kupsopsona" anachita kusonyeza ndi milomo.

Apa ndidziteteze pang'ono. Tchuthi sindinabe. Lamulo la ntchito la dziko lino limapereka masiku 15 pachaka kwa ife ogwira masiku asanu pa sabata, ndipo fomu anasaina ndi abwana omwewo. Chambo ndinagula ndi ndalama zanga. Mu uthenga wonsewo mulibe bodza ngakhale limodzi, zomwe sindinganene za maimelo ambiri otuluka mu ofesi muno.

Koma abwana anali ndi pepala lachiwiri, la uthenga wa tayi uja, ndipo nawonso unali ndi zilonda. Tsiku lobwerera ndinalemba 8/7. Kwa ife ndi pa 8 Julayi, chikondwerero cha ufulu cha pa 6 chitangodutsa. Koma mlangizi wathu wochokera ku Amereka, amene amakhala nafe mu ofesi momwemo, kwawo amayamba ndi mwezi, ndiye anawerenga 7 Ogasiti n'kukafunsa abwana kuti munthu mmodzi amapatsidwa bwanji tchuthi choposa mwezi. Ndipo munthu amene ndinati azifunsidwa za changu, mnzanga wa desiki yoyandikana, sindinamuuze n'komwe. Nayenso anali patchuthi sabata yomweyo, ndipo uthenga wake unkati za changu funsani ine. Wa ku akaunti anandilembera, ndinamutumiza kwa mnzanga, mnzanga anamubweza kwa ine, iye n'kukhala pakati ngati mpira wa chikulunga.

Abwana anandikhazika pa kompyuta yawo n'kundilembetsa wina, iwo ataima kumbuyo kwanga ngati woyang'anira mayeso. Anati mwezi ulembedwe m'mawu, tsiku loyamba kusowa ndi tsiku lobwerera zionekere zonse, wothandiza akhale munthu amene wavomera ndipo alipodi, ndipo komwe wapita si nkhani ya kasitomala. M'Chichewa unganene motere:

"Zikomo chifukwa cha uthenga wanu. Sindili mu ofesi kuyambira pa 1 Julayi ndipo ndidzabwerera pa 8 Julayi. Pa masiku amenewa sindiziwerenga maimelo. Ngati nkhani yanu ndi yachangu, lemberani a ku dipatimenti ya zachuma pa adiresi ili pansiyi. Zina zonse ndidzayankha ndikabwerera."

Ndinati, "Bwana, koma ndi wouma." Anati, "Uzikhala wouma. Wonyowa tauona."

Ndinatuluka ndikuganiza kuti zatha. Usipa ndinagawa, ena anakana poseka. Lachinayi masana kunabwera foni kuchokera kwa wogulitsa mapepala, amene anandilembera koyamba m'mawa womwewo, kufunsa ngati ndikadali kunyanja. Kabokosi ka Only send during this time range, kamene kamazimitsa uthenga tsiku lako likakwana, sindinakachonge. M'chipwirikiti chonse chija palibe anakumbukira kuzimitsa pa kompyuta yanga, ndipo kachenjezo kachikasu kamene Outlook imaonetsa pamwamba ndinkangokadutsa ngati chikwangwani cha mumsewu. Masiku atatu ndili pa desiki, ndikupsopsonabe.

Wa mapepalayo anati ndikamabwera ndimutengereko ziwiri zikuluzikulu. Ndinangoti chabwino.