Lachitatu: nambala ya foni yobwerera yokha

Lero ndaswera pa sitolo ina ya simenti ku Luwinga, komwe ndimawasamalira pulogalamu ya makasitomala. Dandaulo lawo linali loti kompyuta ikubweza zinthu. Nditayang'ana, ndapeza kuti dzulo mayi wa pakauntala adatsegula fomu ya kasitomala wina nthawi ya 9:10 kuti akweze malire a ngongole. Mnzawo wa ku nthambi ya Katoto adatsegula fomu yomweyo 9:12, n'kusintha nambala ya foni, n'kusunga. Pofika 9:20 mayi aja adasunga yawo, idakali ndi nambala yakale, ndipo idafufuta ya mnzawoyo mwakachetechete.

Abwana anati, "Achimwene, ingokhomani basi. Wina akatsegula, enawo adikire."

Imeneyo ndiye loko ya pesimisitiki, yoyamba yakhoma poopa kuwombana. Mu PostgreSQL, pulogalamu yosunga deta, timalemba `SELECT ... FOR UPDATE`, ndipo aliyense wofuna kusintha mzere wa kasitomala ameneyo amadikira mpaka wokhomayo atasunga ndi `COMMIT` kapena kubweza ndi `ROLLBACK`. Ndawafunsa: nanga wotsegulayo akapita kokadya nsima fomu ili chotsegula, a ku Katoto adikire mpaka liti? Angoseka.

Ndiye pa fomuyi ndaika ya oputimisitiki. Sikhoma kalikonse, imangofufuza pa nthawi yosunga. Mzere uliwonse tsopano uli ndi nambala yotchedwa `version`, ndipo fomu imainyamula potsegula:

```sql
UPDATE kasitomala
SET malire = 500000, version = 8
WHERE id = 214 AND version = 7;
```

Tayesa ndi makompyuta awiri, onse atatsegula pa 7. Woyamba kusunga walandira `UPDATE 1`, mzere wafika pa 8. Wachiwiri walandira `UPDATE 0`, poti 7 kulibenso. Ziro ameneyu ndi wofunika kumutchera khutu, chifukwa PostgreSQL samuona ngati cholakwika. Pulogalamu ikapanda kumuwerenga, kalaliki amaganiza kuti zasungika pomwe palibe chalowa. Yathu tsopano ikumuuza kuti wina wasintha kale, n'kumuonetsa zatsopanozo pambali pa zomwe iye analemba, kuti asayambirenso kutaipa.

Pogulitsa matumba pokha tikukhomabe. Simenti ikatsala pang'ono, aliyense amalimbirana mzere umodzi womwewo wa matumba otsala, ndipo kukanidwa mobwerezabwereza kasitomala ali chiimire n'kotopetsa. Pamenepo loko imagwira ntchito kalaliki akadina batani logulitsa: pulogalamu imawerenga zotsala, kuchotsera, n'kumasula sekondi isanakwane. Palibe munthu woganiza pakati, ndiye kudikirako sikumveka n'komwe.

Madzulo ndapeza kuti kapulogalamu kosintha malire a ngongole pakutha pa mwezi kamalemba mu `kasitomala` osakweza `version`. Fomu yotsegulidwa kale ikhoza kufufuta ntchito ya kapulogalamuko osakanidwa. Mawa ndiyambira pamenepo.