Makala a m'ng'anjo ndi masamu a zaka zake

Ndimagwira ntchito kuno ku Joni, mu labu yopima zaka za zinthu zakale pogwiritsa ntchito kaboni-14. Sabata yathayi inathera pa makala amene ofukula zakale ena a ku Malawi anatumiza, ochokera pansi pa ng'anjo yosungunulira chitsulo. Funso lawo linali limodzi: moto umenewu unayaka liti?

Lolemba ndinatulutsa kabotolo kamene kanakhala mu kabati kwa milungu itatu. Makala aja tinali titawachotsa kale timizu, kuwatsuka ndi asidi ndi soda, kuwawotcha, ndi kusandutsa mpweya wake kukhala benzini, timadzi toyera tokhala ndi magalamu 2 a kaboni. Timadikira choncho chifukwa cha radoni, mpweya umene umalowerera pokonza ndipo umanamiza makina. Theka la radoni limatha pa masiku 3.8 alionse, ndiye pakapita milungu itatu pamatsala pafupifupi 2 pa 100 alionse. Ndinathiramo mankhwala amene amathwanima atomu ikasweka, n'kuika kabotoloko m'makina owerenga.

Mtengo ukakhala wamoyo umatenga kaboni mumpweya, ndipo mwa kaboniyo muli kachigawo kochepa kwambiri ka kaboni-14. Ukadulidwa, palibenso watsopano wolowa, koma amene alimoyo amapitiriza kusweka. Theka lake limatha pa zaka 5730, theka la wotsalayo pa zaka zina 5730. Makina athu sawerenga zaka. Amangowerenga kuti pa mphindi imodzi maatomu angati asweka, ndipo chiwerengero chimenechi, pa galamu imodzi ya kaboni, timachitcha A. Galamu imodzi ya kaboni wa mtengo wongodulidwa kumene, malinga ndi muyeso wa chaka cha 1950, imapereka maatomu 13.56 pa mphindi. Imeneyo ndi A₀.

Lachiwiri m'mawa mtsikana amene akuphunzira ntchito pathu anafuna kuyamba masamu ndi zotsatira za mphindi 100 zoyambirira. Ndinamuletsa. Maatomu sasweka motsatira wotchi: mphindi ina makina amawerenga 14, ina 22. Kusatsimikizika kwa chiwerengero chonse N kumakhala √N. Pa mphindi 100 makina anali atawerenga pafupifupi 1790, √N yake ndi 42, ndipo zimenezi zikasanduka zaka ndi 200 uku ndi uku. Pa mphindi 2000, amene ndi maola opitirira 33, zinafika 35,800, √N yake 189, ndipo kusatsimikizika kunatsikira pa zaka pafupifupi 50. Kuti kuchepe ndi theka pamafunika nthawi yowirikiza kanayi, n'chifukwa chake pamafika poti kudikirabe sikupindulanso.

Tsiku la masamu linali Lachitatu. Makina anapereka 17.9 pa mphindi. Koma kabotolo ka benzini yochokera ku mafuta a pansi, yomwe ilibe kaboni-14 ngakhale pang'ono, nakonso kamapereka 1.5 pa mphindi, chifukwa cha cheza chochokera kuthambo ndi m'zipangizo zomwe. Limeneli timalitcha phokoso la makina, ndipo liyenera kuchotsedwa: patsala 16.4. Chachiwiri, makina sagwira kusweka kulikonse. Poyesa ndi muyeso wa asidi wa okisaliki, amene malabu onse amagwiritsa ntchito, athuwa amagwira 70 pa 100. Choncho 16.4 ÷ 0.70 = 23.4, ndipo tikagawa ndi magalamu 2 aja, A ikukhala 11.71. Poyerekeza ndi 13.56, makalawa atsala ndi 0.864 ya mphamvu imene anali nayo poyamba.

Apa ndi pamene λ imalowa. Ndi nambala yonena kuti pa chaka chimodzi ndi gawo lanji la maatomu otsala limene limasweka:

λ = ln 2 ÷ 5730 = 0.000121 pa chaka

Ndiye kuti atomu imodzi pa 8267 iliyonse imapita chaka ndi chaka. Popeza A = A₀e^(−λt), pamene t ndi zaka zimene zapita, tikatembenuza timapeza:

t = ln(A₀ ÷ A) ÷ λ = 0.1463 ÷ 0.000121

Yankho ndi zaka pafupifupi 1210.

Mtsikana uja anapeza zaka zosakwana 500. Titayang'ana pa pepala lake, masamu onse anali olondola kupatula mzere woyamba: sanachotse 1.5 ija. Kanambala kameneko kanadya zaka zoposa 700. Ndinamuuza lamulo limene ndimafuna wophunzira aliyense aligwire pamtima: kulakwitsa A ndi 1 pa 100 kumasuntha yankho ndi zaka pafupifupi 80, kaya chinthucho ndi cha zaka 500 kaya 20,000. Pa chifukwa chimenechi ine sindikhulupirira deti limene mwini wake sangandiwonetse phokoso la makina ake ndi nthawi imene anawerengera. Kugawa ndi λ aliyense angathe. Ntchito yeniyeni ili pa kupeza A yodalirika.

Pa lipoti sindinalembe 1210. Willard Libby, amene anayambitsa njirayi ku Chicago kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ankagwiritsa ntchito zaka 5568. Zitadziwika kuti nambala yoyandikira choonadi ndi 5730, malabu anagwirizana kusunga yakaleyo kuti madeti akale ndi atsopano aziyerekezeka. Ndiye timachulukitsa 0.1463 ndi 8033, imene ndi 5568 ÷ ln 2, n'kupeza 1175 ± 50 BP, kutanthauza kuwerenga chobwerera kuchokera mu 1950. Amene sadziwa mgwirizanowu amaganiza kuti labu yalakwitsa ndi 3 pa 100.

Lachinayi ndinalowetsa detilo mu OxCal, pulogalamu ya pakompyuta yosandutsa madeti a kaboni-14 kukhala zaka za pa kalendala. Masamu aja amayesa ngati A₀ sinasinthepo chiyambire, pamene kaboni-14 wa mumpweya wakhala akukwera ndi kutsika. Mizere ya mkati mwa mitengo, imene zaka zake zimawerengeka umodziumodzi, ndiyo imatiwongolera, ndipo imakonzanso kusiyana kwa 5568 ndi 5730. Kummwera kwa dziko lapansi timagwiritsa ntchito mzere wowongolera madeti wotchedwa SHCal20, chifukwa mpweya wa kuno umawoneka wakale ndi zaka makumi angapo poyerekeza ndi wa kumpoto. Kungochotsa 1175 pa 1950 kukanapereka chaka cha 775, koma mzerewo unaika makalawa pafupifupi pakati pa 800 ndi 1000.

Lachisanu bambo amene anafukula ng'anjoyo anaimba foni.

"Mayi, zikomo kwambiri lipoti lafika. Koma zaka 200 zonsezi? Simungatipatseko chaka chimodzi choti tilembe?"

"Pepani bambo, chaka chimodzi chikhala chabodza. Ndipotu pali chinanso. Deti limeneli ndi la nthawi imene mtengo unakula, osati imene moto unayaka. Makala munatumizawa ndi zibenthu zikuluzikulu za mtengo wolimba. Ngati osula anawotcha mtima wa mtengo wokhalitsa, mtimawo unasiya kulandira kaboni zaka 100 kapena kuposa nkhwangwa isanafike."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati m'dothi lomwelo anasefamo timitengo ting'onoting'ono topserera ndi njere zingapo. Ndinawapempha azikulunge m'chipepala cha aluminiyamu, asazigwire ndi manja. Zimenezo n'zochepa kwambiri pa makina athu, amene amafuna magalamu, ndiye zidzapita ku labu ya AMS, kumene amawerenga maatomu a kaboni-14 mwachindunji ndipo miligalamu imodzi ya kaboni imakwanira. Njere imakula nyengo imodzi yokha, choncho ikadzapereka deti laposachedwa kuposa 1175 BP, la njereyo ndilo lidzayandikire tsiku limene ng'anjo inayaka.