Mmene ndinapezera kukula kwa silinda ya pulesi ya matani 10

Ndimafuna pulesi ya haidiroliki yochotsera mabushi a malole pagalaja. Ndisanagule silinda, ndinayenera kukhala ndi manambala awiri: mphamvu yokankha, yomwe ndinaika pa matani 10, ndi pulesha imene pampu yanga imagwirira ntchito tsiku lililonse, 200 bar. Pulesha yake ikhale ya tsiku lililonse ndithu. Nambala yaikulu yolembedwa pathupi la pampu ndi malire chabe, osawerengera imeneyo.

Mafuta akamalowa m'silinda amakankha nkhope yonse ya pisitoni, choncho mphamvu imachokera pa pulesha kuchulukitsa ndi kukula kwa nkhopeyo. Ine mphamvu ndi pulesha ndinali nazo kale, chosowa chinali nkhope ndi dayamita yake. M'masamu ali m'munsiwa, F ndi mphamvu, P ndi pulesha, A ndi kukula kwa nkhope, D ndi dayamita.

```
A = F / P
D = √(4A / π)
```

Ambiri amasokonekera pamiyeso. Tani imodzi ndi 9,810 N, ndiye matani 10 ndi 98,100 N. Pulesha ya 10 bar ndi 1 N/mm², ndiye 200 bar ndi 20 N/mm². Nditagawa 98,100 ndi 20 ndinapeza 4,905 mm², ndipo dayamita inatuluka mamilimita 79. Yankho likakutulukirani laling'ono ngati mamilimita 25, dziwani kuti mwagawa ndi 200 osasintha muyeso.

Silinda ya 79 simungaipeze m'sitolo. Zofala ndi 50, 63, 80, 100 ndi 125. Ya 80 imaoneka yokwana, chifukwa papepala imakankha matani 10.2. Koma papepala palibe masilu. Masilu a pisitoni amakhuzana ndi khoma la silinda, ndipo mphamvu ina imathera pomwepo. Ine ndimachotseratu gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye ya 80 imatsala ndi matani 9.2 okha. Bushi yochita dzimbiri ikakana, geji imafika pa 200, valavu yotetezera n'kuyamba kulira ikubweza mafuta m'thanki, pisitoni ili chiimire.

Ndinatenga ya 100. Nkhope yake ndi 7,854 mm², ndipo matani 10 imawapeza pa 125 bar papepala, kapena cha m'ma 140 tikawerengera masilu aja. Pampu sivutika. Kuipa kwake n'kwakuti imamwa mafuta ambiri: kuti iyende mamilimita 300 imafuna malita 2.4, pomwe ya 80 imafuna 1.5, motero imatsika pang'onopang'ono. Papulesi zimenezo sizindidandaulitsa.

Chimene chinandiganizitsa kwambiri ndi felemu. Silinda ya 100 ikapatsidwa 200 bar yonse imakankha matani 16, pomwe zitsulo zanga ndinaziwotcherera kuti zisenze matani 10. Ndinatsitsa valavu yotetezera kufika pa 140 bar, ndikuyang'ana geji pisitoni itafika kumapeto, kenako n'kumanga nati yake kuti anyamata asamaisunthe.