Momwe ndimapezera nambala ya z pa sikelo ya ana

Nambala ya z imasonyeza mmene mwana akukulira poyerekeza ndi ana anzake athanzi. Kuti ndiipeze, ndikamayeza mwana wosakwana zaka zisanu ndimafuna zinthu zinayi: tsiku lake lobadwa, ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, kulemera kwake ndi msinkhu wake. Chimodzi chikalakwika, masamu onse otsatira amakhala kuti apita m'madzi. N'chifukwa chake nthawi yambiri ndimathera pa kuyeza, osati pa kuwerengetsera.

Ndimayamba ndi miyezi. Sindifunsa kuti mwana ali ndi zaka zingati, chifukwa yankho limakhala lakuti "chaka ndi theka" ngakhale kwa mwana wa miyezi 15. Ndimapempha khadi kapena chikalata chilichonse cholembedwa tsiku lobadwa, n'kuwerenga miyezi yathunthu imene yatha. Mwana amene ndikufuna tiyende naye pano ndi mnyamata, ndipo khadi lake likusonyeza kuti wakwanitsadi miyezi 18.

Ndisanamuike pa sikelo ndimakanikiza ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala tizenje mbali zonse ziwiri, mwanayo ali ndi kutupa kobwera ndi kunyentchera, ndipo amatengedwa kuti wadwala kwambiri kaya sikelo inene chiyani, pakuti madzi a m'thupi amawonjezera kulemera n'kubisa vuto. Mnyamata wathuyu mapazi ake ali bwino. Amayi ake amuvula zovala ndi thewera, ndaonetsetsa kuti sikelo yayambira pa ziro, ndipo wakwana makilogalamu 8.6.

Msinkhu ndiye pamene pamafunika kudekha. Mwana wosakwana zaka ziwiri amayezedwa atagona chagada pa thabwa loyezera, ndipo ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Ndimati, "Amayi, mugwireni mutu ukhudze thabwa lakumutuko, maso ayang'ane kumwamba." Ine ndimakanikiza mawondo pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likukankha kathabwa kakumapazi mpaka kakhudze zidendene, zala zitaloza m'mwamba. Mwana amalira, amapinda mawondo, amatambasula zala za kumapazi ngati akufuna kunyanyamphira. Akapinda mawondo amaoneka wamfupi, akatambasula zala amaoneka wamtali. Ndimadikira aphwetseko thupi, kenako ndimawerenga mpaka pa kachigawo kamodzi mwa magawo khumi a sentimita. Wathuyu wakwana masentimita 75.0. Akanakana kugona n'kumuyeza choimirira, ndikanawonjezera masentimita 0.7, chifukwa munthu akaima amafupikirako pang'ono.

Tsopano ndili ndi manambala, koma paokha sanena kanthu. Ayenera kuyerekezedwa ndi muyezo. Muyezo umene timagwiritsa ntchito ndi wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, womwe unatuluka mu 2006. Anautenga poyeza ana a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi Amereka pakati pa 1997 ndi 2003, ana oyamwitsidwa, a amayi osasuta fodya, okulira m'mabanja mmene munalibe chowalepheretsa kukula. Anapeza kuti ana otere amakula mofanana kwambiri ngakhale ndi a mitundu yosiyana. Choncho munthu akati "kwathu ndife afupiafupi", ndimamva, koma kwa mwana wa msinkhu uwu sindifulumira kuvomereza.

Pa tebulo la WHO la anyamata a miyezi 18, msinkhu wapakati ndi masentimita 82.3, ndipo mpata umodzi, umene umasonyeza mmene misinkhu ya ana imatalikirana ndi wapakatiyo ndipo pa tebulo amaulemba SD, ndi masentimita 2.7. Nambala ya z imangonena kuti mwana ali mipata ingati pamwamba kapena pansi pa wapakatiyo:

```
z = (75.0 - 82.3) / 2.7 = -2.7
```

Malire ake ndi -2. Mwana amene msinkhu wake poyerekeza ndi miyezi yake uli pansi pa -2 ndi wopinimbira, ndipo pansi pa -3 ndi wopinimbira kwambiri. Mnyamata wathu ndi wopinimbira. Koma taonani chimene chikanachitika akanakhala wa miyezi 15 ine n'kungolemba "chaka ndi theka". Pa miyezi 15 malire a -2 ali pa masentimita 74.1, ndiye kuti mwana wa masentimita 75.0 sali pansi pa malire. Miyezi itatu yokha ndi yokwanira kumulowetsa mwana m'gulu limene salimo.

Pa kulemera sindigwiritsa ntchito masamu ophwekawa, chifukwa mipata ya kulemera sifanana: ya pamwamba pa wapakati ndi yaikulu kuposa ya pansi. Ndimangowerenga tebulo, kapena ndimalowetsa manambala mu pulogalamu ya pakompyuta ya WHO Anthro. Kwa anyamata a miyezi 18, wapakati amalemera makilogalamu 10.9, malire a -2 ali pa 8.8, a -3 ali pa 7.8. Wathuyu ndi 8.6, wangodutsa malire pang'ono, ndiye kuti sikelo yake ndi yochepa poyerekeza ndi miyezi yake.

Anthu ambiri amalekera pamenepa, ndipo m'pamene ine ndimatsutsana nawo. Kuchepa sikelo kumandiuza kuti pali vuto, koma sikundiuza kuti vutolo ndi liti. Mwana angapepuke chifukwa ndi wamfupi, kapena chifukwa wawonda, kapena zonse ziwiri. Chimene chimasiyanitsa ndi tebulo lachitatu, la kulemera poyerekeza ndi msinkhu, limene silifunsa n'komwe za miyezi. Kwa mnyamata wa masentimita 75.0, wapakati ndi makilogalamu 9.5, -1 ali pa 8.8, -2 ali pa 8.1. Kulemera kwa 8.6 kukugwera pakati pa -1 ndi -2. Mwanayu si wowonda. Thupi lake likugwirizana ndithu ndi msinkhu wake, kungoti msinkhuwo ndiwo unatsalira.

Tiyerekeze kuti pambuyo pake pabwera mnyamata wina, nayenso wa miyezi 18, nayenso makilogalamu 8.6, koma wa masentimita 80.0. Pa tchati cha sikelo kadontho kake kagwera pamalo omwewo. Msinkhu wake uli bwino, sunafike n'komwe pa -1. Koma pa masentimita 80.0 malire a -2 ali pa makilogalamu 8.9, ndiye kuti uyu ndi wowonda. Kuwonda nthawi zambiri kumabwera m'masabata ochepa, mwina atatsegula m'mimba, atadwala chibayo kapena chakudya chitasowa, ndipo ngozi yake ndi ya pompopompo. Uyu ndimamupima matenda tsiku lomwelo ndi kumulembetsa pa chithandizo cha chakudya chowonjezera. Ndimayezanso kukula kwa mkono wake ndi kalamba koyezera, chifukwa kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 mkono wosakwana masentimita 11.5 umatanthauza kunyentchera koopsa, ngakhale tebulo litanena zina.

Kupinimbira kwa mnyamata woyamba kuja kunamangika pang'onopang'ono, mwina kuyambira ali m'mimba: chakudya chosakwanira magulu ake, matenda obwerezabwereza, madzi osatetezeka. Sikutha ndi kumunenepetsa mwezi umodzi, ndipo akadutsa zaka ziwiri kumavuta kwambiri kubweza. Iye akadali ndi miyezi isanu ndi umodzi asanafike pamenepo, choncho ndimakhala pansi ndi amayi ake kukambirana za kuyamwitsa, kangati akudya patsiku, ndi matenda amene wakhala akudwala.

Sindimuweruza ndi muyezo wa tsiku limodzi. Ngakhale pakati pa ana athanzi lenileni, awiri kapena atatu pa 100 alionse amagwera pansi pa -2. Ndimatsegula khadi kuona madontho a miyezi ya m'mbuyo. Mwana amene wakhala akuyenda motsatira mzere wa -2 kuyambira kale amandidetsa nkhawa pang'ono kusiyana ndi amene anali pa ziro, tsopano wafika pa -1.5 ndipo akutsikabe, ngakhale wachiwiriyu palibe tebulo limene lamutchula dzina. Ndimalemba manambala onse atatu pa khadi, pamodzi ndi mawu akuti mwana anayezedwa chogona, kuti amene adzamuyeze mwezi wamawa adziwe poyambira.